Webusaiti ikayamba kubweza makasitomala

Shopu ina yogulitsa zipangizo za galimoto yalengeza zotsitsa mitengo. Pofika masana, aliyense wotsegula webusaiti yake akungoona mawu akuti `Too many connections`. Vutoli nambala yake ndi 1040, ndipo limachokera ku MySQL, pulogalamu yosunga mayina a katundu, mitengo ndi maoda.

Tsamba lililonse likamatseguka limapempha malo mu MySQL kuti litenge zomwe likufuna. Ngati palibe amene anasinthapo, malowo ndi 151 okha. Zili ngati mipando ya m'basi: ikadzaza, wobwera pambuyo amatsala pasiteji. Pali malo amodzi apadera osungira woyang'anira seva kuti alowe zinthu zikathina. N'chifukwa chake si nzeru kuti webusaiti izilowa ndi akaunti ya `root`, chifukwa imalanda ndi malo apaderawo omwe.

Ambiri amathamangira kuzimitsa MySQL n'kuiyatsanso. Webusaiti imadzukadi, koma umboni wonse umafufutika, mawa vuto lomwelo. Woyang'anira ayambe waona amene adzaza malowo:

```
SHOW FULL PROCESSLIST;
```

Tinene kuti pa mizere 151 yomwe yatuluka, 130 yalembedwa `Sleep`, ndipo pansi pa `Time` pali masekondi masauzande. Apa makasitomala sanachuluke ayi. Webusaiti ikutenga malo osawabweza, ndipo MySQL imadikira masekondi 28800, omwe ndi maola 8, isanachotse wogona. Nthawiyo ifupikitsidwe:

```
SET PERSIST wait_timeout = 300;
```

Lamuloli limagwira kuyambira MySQL 8.0, ndipo silifufutika seva ikayatsidwanso. Koma limakhudza obwera kumene okha. Ogona kale amachotsedwa ndi `KILL` yotsatiridwa ndi nambala ya mzerewo. Wolemba pulogalamu naye aikonze kuti izibweza malo ikamaliza.

Mizere yambiri ikakhala `Query`, onse akufunsa za tebulo limodzi, nkhani ndi ina. Funso limodzi likuchedwa, mwina poti tebulo la maoda lilibe indekisi, ndiye ena onse aunjikana kumbuyo kwake. Kuwonjezera malo apa n'kungotalikitsa mzere.

Kukweza `max_connections` kuli ndi nthawi yake, koma malo aliwonse amadya memore. Pa seva yaing'ono ya magigabaiti 2, kulemba 1000 n'kuputa tsoka: memore ikatha, Linux imapha pulogalamu yodya kwambiri, ndipo kawirikawiri imakhala MySQL yomweyo. Kukweza pang'ono, mwina kufika 200, kwinaku mukuyang'ana memore, n'kokwanira.

Pomwe ambiri saonapo ndi mbali ya PHP. Ngati `pm.max_children` ili pa 200 pomwe MySQL ili ndi malo 151, tsiku lotanganidwa mapulogalamu 49 adzabwezedwa. Itsitseni ifike 40 kapena 50 pa seva yotereyi. Ochuluka adzadikira kamphindi tsamba lisanatseguke, koma oda yawo idzalowa.