Ekala ya mtedza imasiya zingati m'thumba?

Aphunzitsi a zaulimi amakonda kupereka funso ili kwa ophunzira akusekondale, ndipo amene amapitiriza maphunziro ku Bunda amalipezanso. Amalemba pabolodi nkhani ya mlimi mmodzi, munda wake, zimene anawononga ndi zimene anakolola, kenako amati: pezani gulosi majini. Masamu ake ndi ophweka, kuchotsera basi. Koma ophunzira akapereka makope, mayankho amasiyana kutali ngati kuti aliyense amawerengera munda wake.

Gulosi majini ndi ndalama imene imatsala mukatenga mtengo wa zokolola zonse za mbewu imodzi n'kuchotsapo ndalama zimene zinalowa chifukwa cholima mbewuyo. M'mabuku amalemba GM = TR − TVC. TR ndi mtengo wa zokolola zonse, ndipo TVC ndi ndalama zosinthasintha, zimene zimakwera munda ukakula n'kutsika munda ukachepa, monga za mbewu, ganyu ndi matumba. Khasu, njinga, sikelo ndi ngolo ya pakhomo sizilowamo, chifukwa zimagwira ntchito m'munda wa chimanga ndi wa soya womwe, ndipo zikhalapobe ngakhale chaka chino mtedza usalimidwe. N'chifukwa chake nambala imeneyi si phindu lomaliza la banja. Ntchito yake n'kuonetsa zimene mbewu imodzi yabweretsa, kuti tiiyerekeze ndi inzake.

Tiyeni titenge mlimi wongoyerekeza wa ku Mchinji, mayi amene wadzala ekala imodzi ya mtedza wa CG7 ndi mvula yoyamba. Mitengo yonse m'nkhani ino ndi yongophunzirira. Amene akufuna kuwerengera munda wake aikepo mitengo ya kwawo ya chaka chimenecho. Mayiyu wakumba, waumitsa, wathothola, ndipo wapeza matumba 24 a mtedza wamakoko. Pamsika mtedza wosenda ukugulidwa pa K2,000 pa kilogalamu.

Ambiri amagwera pomwepa, asanafike n'komwe pa zochotsera. Thumba timalitchula kuti la makilogalamu 50 chifukwa ndi mmene limalemerera likadzaza chimanga. Mtedza wamakoko ndi wopepuka, umatenga malo ambiri, moti thumba lomwelo silifika pamenepo. Tinene kuti mayiyu anayeza pasikelo n'kupeza makilogalamu 25 pa thumba, onse pamodzi makilogalamu 600. Komabe K2,000 ija si mtengo wa makoko. Mtedza ukasendedwa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake limapita kudzala, ndipo limaposa apo ngati muli mphwephwa zambiri chifukwa mvula inadula mtedza usanakhwime. Tikati pa makilogalamu 100 alionse pakutsala 65, mayiyu ali ndi makilogalamu 390 a mtedza wosenda. Wophunzira amene wachulukitsa 600 ndi K2,000 wapeza K1,200,000, ndalama imene mayiyu sadzaiona.

Pa makilogalamu 390 aja, mayiyu wagulitsa 300 n'kulandira K600,000. Wasunga 50 a nsinjiro, chiponde ndi wokazinga wa ana, ndipo 40 wawaika padera ngati mbewu ya chaka chamawa. Mukamufunsa kuti mtedza wamupatsa zingati, ayankha kuti K600,000, ndipo sakunama. Koma funso lathu likufuna zonse zimene munda watulutsa, kaya zadyedwa kaya zagulitsidwa. Mtedza wotendera masamba akanapanda kuukolola akanaugula, ndipo akanafuna akanaugulitsa. Choncho makilogalamu 90 otsalawo timawawerengera pa mtengo womwewo wa K2,000, n'kupeza K180,000. Mtengo wa zokolola zonse ndi K780,000.

Tsopano zolowa. Aganyu opanga mizere analandira K60,000, opalira K50,000, okumba K40,000. Othothola ankalipidwa K1,500 pa thumba, ndiye kuti K36,000 pa matumba 24. Matumbawo anagula pa K1,000 limodzi, K24,000. Ngolo yobwereka yotuta kumunda pamodzi ndi wakabaza wopita nawo kumsika zinadya K25,000. Zonse zimene zinatuluka m'thumba ndi K235,000.

Mbewu siili pamndandandawu chifukwa mayiyu sanagule, anatapa pa ya chaka chatha makilogalamu 35. Apa pali msampha wina. Mbewu yosunga si yaulere. Nthawi yodzala mtedza umakhala utasowa ndipo mtengo umakwera, anthu akusaka mbewu khomo ndi khomo. Ngati mu Disembala akanaigulitsa pa K3,000 pa kilogalamu, ndiye kuti wakwirira K105,000 m'nthaka. Ndipo chilungamo cha masamu chikufuna zimenezi: tawerengera mbewu ya chaka chamawa ngati zokolola, sitingasiye ya chaka chino ngati kuti inagwa kumwamba. Pa mtedza mbewu imadya ndalama zambiri, popeza alimi ambiri sathiramo feteleza. M'chitsanzo chathu ndiyo nambala yaikulu kuposa zonse. Ndalama zosinthasintha zafika pa K340,000.

Tikachotsa K340,000 pa K780,000 tikupeza K440,000 pa ekala. Ngati funso likufuna yankho pa hekitala, timachulukitsa ndi 2.47, chifukwa hekitala imodzi ili ndi maekala 2.47, ndipo timapeza K1,086,800. Wophunzira uja anaiwala makoko ndi mbewu alemba K965,000 pa ekala, kuposa kuwirikiza kawiri yankho lenileni.

Pali nkhani imodzi imene ngakhale akatswiri amasiyana, ya thukuta la banja. Kudzala, kuyanika, kusenda ndi kusankha mtedza anachita mayiyu ndi ana ake, ndipo palibe analandira tambala. Aliyense amene anakhalapo pamphasa madzulo akuswa makoko ndi zala mpaka chala chachikulu kuchita matuza akudziwa kuti imeneyi ndi ntchito. Tinene kuti tikaphatikiza zonse zikukwana masiku 30 a munthu mmodzi. Njira ina n'kuwerengera masikuwo pa mtengo wa ganyu wa m'deralo: pa K3,000 patsiku ndi K90,000, ndipo gulosi majini itsika kufika pa K350,000. Njira inayo n'kusiya K440,000 momwemo n'kuigawa ndi masiku 30, zimene zikupereka pafupifupi K14,700 pa tsiku lililonse limene banjalo linagwira ntchito. Ine ndimakonda yachiwiriyi pa mlimi wamng'ono, chifukwa imayankha funso limene iye amadzifunsadi, loti kodi kugwira m'munda mwanga kukuposa kukagwira ganyu kwa eni ake. Koma zonse ndi zololedwa, bola wolemba anene momveka njira imene watsata. Choipa n'kuwerengera ntchito ya banja pa mtedza n'kuisiya pa soya, kenako n'kulengeza kuti soya ndiye wapambana.

Yankho likapezeka, ambiri amatseka kope, pamene phindu la masamuwa likuyambira pomwepo. Gawani K340,000 ndi makilogalamu 390, mupeza pafupifupi K872. Umenewo ndi mtengo umene kilogalamu iliyonse yamudyera mayiyu, ndipo venda akatchula wocheperapo ndiye kuti akumuuza kuti agulitse moluza. Nambala yomweyi ya makoko imathandizanso venda akabwera pakhomo kufuna wamakoko. Thumba la makilogalamu 25 lili ndi mtedza wosenda wopitirira pang'ono makilogalamu 16, wa K32,500. Venda akapereka K25,000, mayiyu akusiya K7,500 pa thumba lililonse, ndipo atagulitsa matumba onse 24 motero angasiye K180,000. Mwina angalole ndithu chifukwa fizi ya mwana siidikira, kapena chifukwa kusenda kumatenga milungu, koma alole akudziwa chimene akusiya. Ndipo amene wasankha kusenda asanyowetse makoko kuti afewe. Chinyezi chimenecho chimaitana chuku, ndipo mtedza wachuku ogula otumiza kunja amaukana, komanso ndi woopsa ku thanzi la amene akuudya.

Yesaninso kuona zimene zingachitike chaka chikavuta. CG7 amabereka bwino koma sapirira matenda a kadukutu, amene amafalitsidwa ndi nsabwe za m'mbewu ndipo amakonda munda wodzalidwa mochedwa kapena motalikanitsa mapando. Ndicho chifukwa chake ofufuza a ku Chitedze pamodzi ndi a ICRISAT anatulutsa mitundu yopirira monga Nsinjiro. Tiyerekeze kuti kadukutu wadula zokolola ndi theka, kutsala makilogalamu 195 a K390,000. Zolowa sizitsika ndi theka ayi. Mbewu inakwiriridwa kale, mizere inapangidwa, opalira analipidwa, ndipo okumba adutsabe mzere uliwonse. Zimene zitsike kwenikweni ndi za othothola ndi matumba, K30,000 yokha, kutsala K310,000. Gulosi majini igwa kuchoka pa K440,000 kufika pa K80,000. Zokolola zatsika ndi theka, koma chotsala sichikufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo asanu a poyamba paja, ndipo tikawerengera thukuta la banja palibe chotsala chooneka. Mlimi amene akukayika zogula mbewu yopirira matenda chifukwa ndi yodula ayambe waona kusiyana kumeneku.

Pali zina zimene nambalayi siiona. Mtedza umasiya chonde m'nthaka, ndipo chimanga chodzalidwa pamalopo chaka chotsatira chimapindula, koma phindu limenelo limakaonekera pa chimanga, osati pa mtedza. Masangwi amene ng'ombe ndi mbuzi zimadya salowanso pokhapokha atawaikira mtengo. Chachikulu ndi nthawi. Ndalama zimalowa m'munda kuyambira Novembala, zokolola zimagulitsidwa cha m'ma Meyi ndi Juni, ndipo pakati pake kwacha imatha kusintha mphamvu. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, moti amene anayerekeza gulosi majini ya chaka chimenecho ndi ya chaka cham'mbuyo anaona nambala yokwera imene sinkagula zambiri kusitolo. Yerekezani mbewu za nyengo imodzi, pa ekala yofanana, ndi malamulo ofanana.

Kwa wophunzira, chimene chimapatsa malikisi si nambala yomaliza yokha. Lembani ngati kulemera kuli kwa wamakoko kapena wosenda, ngati yankho lili pa ekala kapena pa hekitala, ndi zimene mwachita ndi ntchito ya banja. Kwa mlimi, masamuwa satheka pongokumbukira mu Juni zimene munalipira mu Disembala. Gulani kope, lembani ganyu aliyense tsiku lomwe mwamulipira, ndipo musanakambirane mtengo ndi venda, yezani thumba limodzi pasikelo, mulisende, muyezenso.