Miyezi isanu ndi itatu ya ntchito, masekondi 50 a kanema

Msuweni wanga ali ku Joni, ndipo ndalama zomangira nyumba yake ankatumiza kwa ine. Munthu akakhala kutali mtima sukhala m'malo, choncho tsiku lililonse ankafuna kuona chithunzi: njerwa zafika, maziko akumbidwa, simenti yatsala matumba angati. Pofika tsiku lokhoma lata lomaliza, mufoni mwanga munali zithunzi pafupifupi 600. Mng'ono wanga, yemwe amajambula maukwati, ndiye anati tizilumikize zonsezo zikhale kanema mmodzi, nyumba izioneka ikuphuka pansi ngati bowa. Pa foni kanema wamtunduwu amalembedwa Time-lapse, koma batani la pafonilo limathandiza pa zinthu za mphindi kapena maola ochepa. Ntchito ya miyezi imafuna zithunzi zojambula chimodzichimodzi, zodzalumikiza pambuyo pake.

Kanema aliyense ndi zithunzi zoima zimene zikusinthana mofulumira. Zikamadutsa 24 kapena 25 pa sekondi imodzi, diso limaona ngati zinthu zikuyenda. Ndiye masamu ake ndi ogawa chabe. Zithunzi 600 pa liwiro la 25 zimapereka masekondi 24. Titayesa choncho, nyumba inathamanga moti munthu sukanatha kuloza kuti apa ndi pamene ankathira bimu. Titatsitsa kufika pa 12, kanemayo anakhala wa masekondi 50, wodumphadumpha pang'ono koma womveka. Pa ntchito yomanga ine ndimakonda liwiro lotsikali, chifukwa amene akuonerayo akufuna kuona khoma likukwera mzere ndi mzere.

Masamu omwewa anandiululira cholakwa changa choyamba. Ndinkajambula katatu patsiku, kaya pali ntchito kaya palibe. Milungu itatu imene tinkadikira ndalama ya simenti inadya zithunzi zoposa 50, masekondi anayi a khoma longoima ndi mbuzi zodutsa. Denga, lomwe akalipentala analimanga masiku anayi okha, linapeza zithunzi 12, sekondi imodzi basi: ukaphethira, nyumba yavala kale malata. Zithunzi za masiku opanda ntchito tinangozichotsa, koma za denga zimene sindinajambule palibe pomwe tikanazitenga. Tsiku lokweza mitengo ya denga kapena lothira konkire ndi lofunika kujambula mphindi zisanu kapena khumi zilizonse.

Vuto lalikulu kuposa onse linali miyendo yanga. Ndinkaima pafupi ndi mtengo wa mango, koma lero kumanja kwake, mawa kumanzere, mkuja nditapendeketsa foni. Pa chithunzi chimodzi kusiyana kumeneku sikuoneka. Zikatsatizana, nyumba imavina, ndipo woonera mutu umamuzungulira. Mng'ono wanga anakhala mausiku awiri akukoka chithunzi chilichonse kuti ngodya ya mpanda wa aneba igwere pamalo amodzi, ndipo zina zoposa 100 anazitaya. Mapulogalamu oyanjanitsa zithunzi alipo, monga Hugin, koma amadalira zinthu zosasintha za m'chithunzimo, pomwe pamalo omanga chinthu chachikulu kwambiri ndi chimene chikusintha tsiku ndi tsiku. Komanso ngati unasuntha mapazi awiri, mbali ya khoma imene ikuoneka ndi ina, ndipo palibe kompyuta imene ingabweze zimenezo.

Atayamba kumanga kanyumba ka kuseri tinachita mwanzeru. Tinazika paipi yachitsulo m'simenti pakona ya puloti, wowotcherera n'kutiikira pamwamba pake kachitsulo kokhala ngati thireyi, ka makona awiri, moti foni ukaikhazika imagwa malo omwewo nthawi zonse. Mtengo wamoyo kapena nsanamira yathabwa sizithandiza kwenikweni, chifukwa zimagwedezeka ndi mphepo ndipo thabwa limapindika likanyowa. Poima pamafunika kuganizira nyumba imene kulibe: musiye thambo lokwanira pamwamba kuti denga lidzalowe, ndipo mufunse kapitawo komwe adzathire mchenga ndi kuunjika njerwa, kuopa kuti mwezi wamawa mudzajambula mulu wa mabuloko. Osakoka chithunzi ndi zala kuti chiyandikire, ndipo foni ikhale yogona chammbali masiku onse.

Kenako pali dzuwa. Chithunzi cham'mawa chili ndi mthunzi kumadzulo, chamadzulo kum'mawa, ndipo zikatsatizana mthunzi umalumpha uku ndi uku. Mtambo ukadutsa, foni imadzisinthira yokha kuwala, chithunzi china n'kuda, china n'kuyera, kanema n'kumaphethira ngati babu loti latsala pang'ono kupsa. Kujambula pa ola limodzimodzi tsiku lililonse kumachepetsa zimenezi. Kuno kwathu nthawi yamasana imakomera, dzuwa lili pamutu, ngakhale kuti mu Juni limapendekera kumpoto ndipo amene kamera yake yayang'ana kumpoto amajambula khoma lakuda lili mumthunzi. Kuphethira kotsalako kompyuta imakusalaza poyerekeza kuwala kwa chithunzi chilichonse ndi anzake oyandikana nawo.

Pa kompyutapo ntchito yambiri ndi yosanja. Zithunzi ziyenera kukhala mufoda imodzi, zonse zofanana kukula, zili mundondomeko ya masiku. Apa WhatsApp inatipweteka. Zithunzi zimene kapitawo ankanditumizira masiku amene sindinapite zinafika zitachepetsedwa, zitapatsidwa mayina ena, ndipo tsiku ndi nthawi zimene kamera imabisa mkati mwa fayilo zinali zitafufutika. Tinachita kuzisanja poyang'ana kutalika kwa khoma. Zikatumizidwa ngati Document zimafika zili zonse.

Zikasanjika, mumazipatsa manambala otsatizana: 0001.jpg, 0002.jpg, mpaka kumapeto. Kuchotsa zoipa kuyambe, manambala abwere pambuyo, chifukwa pulogalamu ikapeza kuti 0213 palibe imaimira pomwepo, inu n'kumadabwa kuti kanema wathera pa mawindo. Ife tinagwiritsa ntchito FFmpeg, pulogalamu yaulere yomwe imalamulidwa polemba:

```
ffmpeg -framerate 12 -i %04d.jpg -vf "deflicker,scale=1920:-2" -c:v libx264 -pix_fmt yuv420p nyumba.mp4
```

Nambala 12 ndi liwiro lija, ndipo ndi yokhayo imene mungafune kumasinthasintha. Mawu akuti `deflicker` ndi osalaza kuphethira, `scale` amachepetsa zithunzi kuti m'lifupi mwake mukhale timadontho 1920, pomwe `yuv420p` amachititsa kuti kanemayo atseguke pa mafoni ndi mawailesi akanema ambiri. Anthu ambiri amaiwala mawu omalizawa, kanema n'kumasewera bwino pa kompyuta yawo koma kukana pa foni ya mnzawo. Amene kulemba malamulo kumawaopsa angathe kutsegula DaVinci Resolve, yomwe ili ndi mtundu waulere ndipo imaona zithunzi za manambala otsatizana ngati kanema mmodzi, kungoti imafuna kompyuta yamphamvu.

Msuweni wanga atauonera anaimba foni usiku womwewo. Sanafunse za denga kapena pulasitala. Anati ndiuimitse pa sekondi ya 17, pomwe mulu wa mchenga ukuoneka ukutha pakati pa chithunzi cha Loweruka madzulo ndi cha Lolemba m'mawa, khoma lili pomwe linali.

"Achimwene," anatero, "Lamulungu limenelo ankamanga ndani?"