Seva ikagwa usiku, ndani amadzuka?

Pa 31 Januwale 2017, injiniya wina wa kampani ya GitLab, yomwe imasungira anthu olemba mapulogalamu ntchito zawo pa intaneti, ankakonza vuto pa nkhokwe ya deta ya kampaniyo. Anali atatopa, ndipo anafufuta deta pa seva yaikulu akuganiza kuti ali pa seva yachiwiri. Pomwe ankazindikira, magigabayiti pafupifupi 300 anali atapita. Anzake anathamangira kukatenga bakapu, kope la deta lomwe limayenera kusungidwa tsiku lililonse, koma kumalo osungirako anapeza kulibe kanthu.

Pulogalamu yopanga bakapuyo, `pg_dump`, inali ya mtundu wa 9.2 pomwe nkhokweyo inali PostgreSQL 9.6, choncho nthawi iliyonse ikayamba ntchito inkalephera. Sikuti inkangolephera chinunu. Makina ankatumiza imelo yonena za kulepherako, koma seva yolandira maimelo inkaikana chifukwa sinkakwaniritsa malamulo a DMARC, otsimikizira kuti imelo yachokeradi kumene ikunena. Chenjezo linkalembedwa, linkatumizidwa, koma panalibe munthu amene analiwerengapo. Anapulumukira pa kope lina lomwe linatengedwa maola 6 ngoziyo isanachitike, ndipo zonse zomwe makasitomala anaika m'nkhokwemo m'maola amenewo zinatayika.

Ine ndimaona kuti kagulu ka anthu atatu kapena anayi, komwe kakuyendetsa pulogalamu yolipirira fizi kapena yogulitsira katundu, kali ndi zambiri zophunzira pa nkhaniyi kuposa makampani akuluakulu. Kagulu kotere kalibe munthu wokhala maso pa sikirini usiku wonse. Nthawi zambiri amamva kuti zinthu zasokonekera kasitomala akaimba foni atakwiya kale. Komatu kukonza zimenezi sikufuna ndalama zambiri.

Poyambira ndi logi, kaundula amene pulogalamu imalembamo zomwe ikuchita. Logi yothandiza ndi yomwe mzere wake umodzi ungauze munthu wongodzuka kumene kuti chachitika n'chiyani, nthawi yanji, ndiponso kwa ndani. Tiyerekeze kuti kholo likulipira fizi ndipo banki sinayankhe. Mzere wongoti "zalephereka" suthandiza aliyense. Wabwino ndi wotere:

```
2025-03-04T09:12:07Z ERROR malipiro id=8841 banki sinayankhe pa masekondi 30
```

Nambala 8841 ndi ya malipiro amenewo okha, ndipo iyenera kupezeka pa mzere uliwonse wokhudza malipirowo, kuti munthu akaifufuza aone ulendo wonse kuyambira pamene kholo linadina batani. Chilembo `Z` chikusonyeza nthawi ya UTC, yomwe imatsalira ndi maola awiri pa nthawi ya ku Malawi. Maseva onse akamalemba nthawi yofanana, kulondoloza chomwe chinayamba kugwa sikuvuta. Mapasiwedi ndi manambala a makhadi a banki asalembedwemo n'komwe. Ndipo logi imakula. Pa Linux pali `logrotate`, yomwe imapanikiza mafayilo akale n'kufufuta akalekale. Popanda iyo disiki imadzaza, pulogalamu n'kugwa chifukwa cha kaundula wake womwe.

Mzere uliwonse umakhala ndi mulingo wake. M'chinenero cha Python milingoyi ndi `DEBUG`, `INFO`, `WARNING`, `ERROR` ndi `CRITICAL`. Apa ndi pamene magulu ambiri amasocherera. Akangoika chida ngati Sentry, chomwe chimagwira zolakwika za pulogalamu n'kusonyeza mzere weniweni wa kodi pomwe zachitikira, amachilola kutumiza meseji pa kanthu kalikonse. Sabata yoyamba aliyense amawerenga. Ikamafika yachitatu foni ikulira kambirimbiri pa tsiku, wina amaitseka pakamwa, ndipo tsiku lomwe malipiro aimadi meseji yake imakwiririka pakati pa zinzake.

Funso loyenera kufunsa pa chenjezo lililonse n'lakuti: likalira 2 koloko usiku, pali chimene munthu ayenera kudzukira n'kuchita pompo? Ngati palibe, lipite ku lipoti lowerenga m'mawa. Banki ikalephera kuyankha kamodzi, kholo liyesanso ndipo zitheka. Koma ikalephera pa malipiro 10 otsatizana m'mphindi 5, pamenepo foni ilire. Manambalawa gulu lililonse limasankha lokha poona kuchuluka kwa makasitomala ake. Chachikulu n'kuyeza zomwe zikupweteka kasitomala, monga masamba obweza nambala 500, yomwe imatanthauza kuti seva yalephera. Chenjezolo lipitenso kwa munthu mmodzi wodziwika, amene ali pa ntchitoyo sabata imeneyo. Likaponyedwa pagulu la anthu onse, aliyense amaganiza kuti mnzake waliona kale.

Zonsezi zili ndi malire amodzi, omwe aja anapweteka GitLab. Logi ndi Sentry zimadalira kuti pulogalamu ili moyo ndipo njira yotumizira uthenga ndi yotseguka. Seva ikazima chifukwa magetsi athima kapena intaneti yaduka, singathe kulengeza kuti yafa. Foni imangokhala chete, chimodzimodzi ndi tsiku lomwe zonse zikuyenda bwino.

Mankhwala ake n'kutembenuza funso. M'malo modikira uthenga woipa, timadikira uthenga wabwino, ndipo ukapanda kufika timatenga kuti zavuta. Zili ngati mlonda amene mwapangana naye kuti aziimba wezulo ola lililonse: ola likadutsa osamva wezulo, mumatuluka kukaona. Pali ntchito za pa intaneti, monga Healthchecks.io, zomwe zimachita zimenezi. Zimakupatsani adiresi yanuyanu, ndipo pa ndandanda ya `cron`, yomwe imayambitsa ntchito pa nthawi yoikika, mumalemba chonchi:

```
0 2 * * * /opt/bakapu.sh && curl -fsS https://hc-ping.com/NAMBALA-YANU
```

Mzerewu ukuti 2 koloko usiku uliwonse bakapu ipangidwe. Zizindikiro `&&` ndiye mwini nkhani: adiresi ija imagogodedwa pokhapokha bakapu yatha bwino. Ikalephera, kapena seva ikakhala yozima, kugogoda kulibe, ndipo Healthchecks.io, yomwe ili kunja kwa makina anu, imakuchenjezani nthawi yomwe munaipatsa ikadutsa. Chenjerani ndi chinthu chimodzi: `bakapu.sh` iyenera kunena zoona ikalephera. Sikiriputi ya `bash` yopanda `set -e` imapitirira ngakhale lamulo lapakati lakanika, n'kumaliza ngati zonse zayenda. Ndi bwino izionanso kukula kwa fayilo yomwe yapanga, chifukwa bakapu yopanda kanthu mkati nayonso imakhala ndi dzina ndi deti lolondola.

Pa tsamba lenilenilo, chida ngati UptimeRobot chimalitsegula kuchokera kunja mphindi 5 zilizonse n'kukuuzani likasiya kuyankha. Chiloze ku adiresi yomwe imafunsa nkhokwe ya deta kafunso kakang'ono, osati ku tsamba loyamba lokha, poti tsamba loyamba limatha kuoneka bwinobwino pomwe kumbuyo zonse zinaima kalekale.

Chotsala ndi chomwe ambiri amachizengereza, kuyesa. Sankhani masana a tsiku lomwe makasitomala ndi ochepa, uzani anzanu, sunthani nthawi ya bakapu pa `cron` ndi pa Healthchecks.io kuti ikhale ya masanawo, kenako lepheretsani bakapu mwadala poisintha dzina fayilo ija, ndipo pa pulogalamu ponyani `ERROR` yabodza. Yang'anani wotchi, muone kuti foni ya amene ali pa ntchito ilira pakatha mphindi zingati. Ikapanda kulira, musaweruke musanapeze pomwe uthengawo wathera, ndipo mudzayesenso nthawi iliyonse mukasintha seva, imelo kapena nambala ya foni.