Tsiku linabisala pamzere wa 11

Mapemphero a Lamulungu akamapita kumapeto, mlembi wa mpingo amaimirira ndi mulu wa mapepala. Nthawi imeneyo ana ayamba kulira njala, amayi akumanga bwino zitenje, ena akusuzumira panja kuona ngati njinga zawo zilipo. Zolengeza zimawerengedwa anthu atatopa kale, ndipo chimodzi chikangotha china chimayamba.

Pa 1 Juni 2025, kumpingo kumene ndimapemphera, mlembi anawerenga chidziwitso cha msonkhano wa amayi. Chinayamba ndi moni kwa abusa, akulu ampingo, atumiki ndi akhristu onse. Kenako chinafotokoza kuti komiti inakumana pa 24 Meyi, inakambirana za kuchepa kwa amayi pamisonkhano, ndipo inagwirizana kuti mayi aliyense apereke ufa ndi nkhuni pofika pa 7 Juni. Tsiku la msonkhano weniweniwo, 14 Juni, linatulukira pamzere wa 11, pambuyo pa mawu othokoza omwe anathandiza chaka chatha. Nthawi inangoti "m'mawa". Malo anangoti "kutchalitchi".

Loweruka pa 7 Juni, amayi angapo ochokera kunyumba ya mapemphero yakutali anafika atavala yunifolomu, ufa uli pamutu. Anapeza zitseko zotseka. Ena mwa iwo anali atalipira kabaza, ndipo ndalama yobwereranso sabata yotsatirayo analibe.

Amayiwa anamva bwino lomwe. Khutu limagwira tsiku loyamba lakutsogolo lomwe lamveka, n'kulisunga, kenako limapumula. Mlembinso sananame paliponse, chifukwa zonse zinalimo m'pepalamo. Vuto linali ndondomeko yake. Iye analemba chidziwitso motsata momwe zinthu zinayendera kukomiti, monga amalembera maminitsi: tinakumana, tinakambirana, tinagwirizana. Polemba maminitsi chigamulo chimabwera kumapeto. Koma mayi wa kumudzi sakufunsa kuti komiti inayenda bwanji. Akufunsa kuti adzuke liti, afike nthawi yanji, alowere kuti.

Chidziwitso chija chitalembedwanso kuti chiwerengedwe pa 8 Juni, mizere yake yoyamba inali iyi:

MSONKHANO WA AMAYI ONSE A MUMPINGO
Tsiku: Loweruka, 14 Juni 2025
Nthawi: kufika 8 koloko m'mawa, kuyamba 9 koloko, kutha 3 koloko masana
Malo: holo ya kutchalitchi chachikulu, kuseri kwa nyumba ya abusa

Za ufa ndi nkhuni zinatsikira m'munsi, pandime yakeyake, ndipo zinayamba ndi mawu oti "Zoyenera kubweretsa". Tsiku lomwe komiti inakumana linachotsedwa, pakuti palibe aliyense amene akanachita nalo kanthu. Pepala lonse linatsala ndi tsiku limodzi lokha, ndipo ichi ndicho chinali kusintha kwakukulu kuposa kwina konse. Ngati tsiku lachiwiri silingapeweke, monga lotsekera zopereka, likhale pansi ndipo linene poyera kuti ndi la zopereka, osati la msonkhano.

Mzere wa tsiku uli ndi zinthu ziwiri zomwe zimatetezana, dzina la tsiku ndi deti. Anthu ambiri amakonza moyo wawo potsata masiku a msika, a ganyu ndi a sikelo ya ana, choncho "Loweruka" limawalowa msanga kuposa "14". Koma Loweruka lokha silikwanira. Mawu oti "Loweruka likubwerali" amakhala oona tsiku lomwe akuwerengedwa basi. Pepala lomwelo likamatidwa pakhomo la tchalitchi n'kukhalapo masabata awiri, kapena wina akalijambula n'kulitumiza pa WhatsApp patapita masiku, mawuwo amayamba kunama okha. "Mawa", "mkuja" ndi "sabata yamawa" ali ndi matenda omwewo. Kulemba ziwirizi pamodzi kumathandizanso kugwira cholakwika: wina akalemba "Loweruka, 15 Juni", woyang'ana pakalendala aona msanga kuti 15 Juni wa 2025 ndi Lamulungu, ndipo afunsa zisanafike patali.

Mwezi ulembedwe ndi dzina lake. Kwathu kuno 6/7/2025 ndi 6 Julayi, koma ku America manambala omwewo amawerengedwa kuti 7 Juni, ndipo mafoni ndi makompyuta ena amatsata kalembedwe ka kumeneko. Mpingo womwe uli ndi ana ake kunja, amene amatumiza thandizo kapena kukonza zobwera kumwambo, usawasiyire mpata wolota.

Pa nthawi ndiye pamene timanamizana kwambiri. Tinazolowera kulemba 8 koloko tikudziwa mumtima kuti tiyamba 10 koloko, poganiza kuti anthu amachedwa. Amene amalangidwa ndi osunga nthawi, ndipo ulendo wina nawonso amachedwa dala. N'chifukwa chake chidziwitso chija chinasiyanitsa nthawi yofika ndi yoyamba. Nthawi yothera ambiri amaiiwala, chonsecho kwa mayi amene wasiya mwana kwa anansi, kapena amene ayende wapansi mtunda wautali m'mwezi wa Juni pomwe dzuwa limalowa msanga, imeneyo ndiyo imamuuza ngati angathe kubwera. Ndipo nambala isayende yokha: 6 koloko ilipo ya m'mawa, iliponso ya madzulo.

Mawu oti "kutchalitchi" amamveka okwanira kwa amene amakhala pafupi ndi tchalitchi chachikulu. Koma mpingo umodzi wa CCAP umatha kukhala ndi nyumba za mapemphero zingapo, monganso parishi ya Katolika ili ndi nthambi zake ndi miphakati yake. Kwa mkhristu wa kunthambi, kutchalitchi ndi komwe iye amapemphera. Malo atchulidwe ndi dzina lonse, ndipo awonjezerepo chizindikiro chimodzi chomwe mlendo angafunse panjira, kaya ndi mjigo, chigayo kapena sukulu. "Malo a nthawi zonse" ndi mawu otsekera kunja aliyense amene akubwera koyamba.

Nanga ulemu? Funso ili ndi lenileni, ndipo sindikulipeputsa. Kwathu sitiyamba nkhani tisanalonjerane, ndipo mlembi amene angaimirire n'kungoti "Loweruka, 14 Juni" angaoneke wamwano. Powerenga pakamwa, moni ukhalepo, koma ukhale umodzi wa zolengeza zonse, kumayambiriro. Ukatha moniwo, chidziwitso chilichonse chiyambe ndi mwambo, tsiku, nthawi ndi malo, ndipo mlembi abwerezenso zinayizi pomaliza, popeza womvera sangabwerere m'mbuyo ngati wowerenga. Papepala lomata pakhoma, mayina a akuluakulu ndi mawu othokoza amakhala bwino m'munsi, pafupi ndi siginecha. Saona ngati anyozedwa akaikidwa pamenepo, makamaka holo ikadzaza.

Chidziwitso chosintha tsiku chimafuna kusamala kwina. Chizolowezi ndi kuyamba ndi tsiku lakale: msonkhano womwe umayenera kuchitika pa 14 Juni wasunthidwa chifukwa cha zakutizakuti. Womva mwapatalipatali amatola 14 Juni yemweyo n'kutsimikiza kuti zinthu zili momwemo. Mzere woyamba unene kuti TSIKU LASINTHA, wachiwiri upereke tsiku latsopano, ndipo lakale libwere pambuyo. Pepala lakale lichotsedwe pakhoma, lisasiyidwe pambali pa latsopano.

Asanakawerenge pepala lokonzedwalo, mlembi wathu anayesa njira yosafuna ndalama. Anapinda pepalalo kuti mizere inayi yapamwamba yokha ndiyo ioneke, n'kupatsa mtsikana wina wa Sande sukulu amene sanamvepo za msonkhanowo. Anamufunsa kuti mayi ake apite liti, nthawi yanji, kuti. Mtsikanayo anayankha za tsiku ndi nthawi mosakayika, koma pa malo anafunsa kuti holo yake iti, poti kusukulu ya pafupi kulinso holo. Mawu oti "kuseri kwa nyumba ya abusa" anawonjezedwa pomwepo ndi bolopeni, belu lisanalire.