Madeti Atatu M'kalata Yopempha Tchuthi

Anzanga, ine ndinadyetsapo malume anga ndalama chifukwa cha kalata. Ndati ndikuuzeni kuti inu zisadzakuonekereni.

Malumewo amagwira ntchito pa fakitale ina ku Chirimba kuno, kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Mu Meyi 2025 anafuna kupita kumudzi kwathu kukakolola chimanga, ndiye anati, "Mphwanga, iwe ndi wasukulu, tandilembera kalata." Ine modzimva ndinalemba kuti: "Ndikupempha tchuthi cha masiku asanu kuyambira pa 12 Meyi." Basi.

Taonani mmene zinasokonekera. Pa 12 linali Lolemba. Lachitatu pa 14 Meyi linali tsiku lokumbukira Kamuzu, lomwe ndi holide. Malume sanaliwerengere, poti ngakhale akanakhalapo sakanagwira ntchito. Iwo anawerenga 12, 13, 15, 16 ndi 17, n'kudzabwerera Lolemba pa 19. Koma akapitawo anangowerenga mondondoza, 12 mpaka 16, ndipo ankawayembekezera Loweruka pa 17. Atawasowa, anawalemba kuti ajomba, n'kuwadula malipiro a tsiku limodzi. Malume atadandaula, anawatulutsira kalata yanga ija. Deti lobwerera munalibemo.

Malume sanawerenge mopenga ayi. Lamulo la ntchito la dziko lino la chaka cha 2000 limawerenga tchuthi chapachaka m'masiku ogwira ntchito: 18 kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, 15 kwa wogwira masiku asanu. Vuto linali lakuti kalatayo inasiya mpata woti aliyense awerenge mwake.

Ndiye madeti ofunika ndi atatu: tsiku loyamba kusakhalapo, tsiku lomaliza kusakhalapo, ndi tsiku lomwe mudzaonekere. Lililonse mulilembe ndi dzina la tsiku, deti, mwezi ndi chaka. Ndikanalemba chonchi:

"Ndikupempha tchuthi kuyambira Lolemba pa 12 Meyi 2025. Tsiku langa lomaliza kukhala pa tchuthi ndi Loweruka pa 17 Meyi 2025. Awa ndi masiku asanu ogwira ntchito, osawerengera holide ya pa 14 Meyi. Ndidzayamba ntchito Lolemba pa 19 Meyi 2025 m'mawa."

Apa akapitawo akanakhala ndi maganizo ena, akananena malume asananyamuke.

Chenjeraninso ndi mawu oti "mpaka". Mukalembera aphunzitsi kuti "sindibwera mpaka Lachisanu", kodi Lachisanulo mukhala m'kalasi kapena muli kumudzi? Ziwiri zonsezi zikumveka. N'chifukwa chake deti lobwerera limafuna chiganizo chakechake. Mawu ngati "mawa", "mkuja" kapena "sabata yamawa" asiyeni, chifukwa kalata ikagona mu ofesi masiku awiri, mawa lanu lija lasanduka dzulo.

Musanapereke kalata, mupatseni mnzanu awerenge, mumufunse kuti, "Ndibwera liti?" Akayamba kuwerenga zala, kalembeninso. Malume masiku ano amandifunsa funso lomwelo asanasayine.