Kubisa kuda kwa m'munsi mwa maso: bwanji konsila yoyera ikutuwitsa?

Pa zithunzi zambiri za maukwati ndi zinkhoswe pamaoneka nkhope yophodedwa bwino, nsidze zili m'malo mwake, milomo ikuwala, koma m'munsi mwa maso muli mbuu ngati mwagwa phulusa. Mwini nkhopeyo amafuna kubisa kuda kwa malowo, ndiye adapakapo konsila yoyererapo kuposa khungu lake. Ataona kuti kuda kukuonekabe adawonjezera ina, kenaka inanso. Kudako sikudachoke, kudangosanduka kutuwa.

Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa. Zophoda zimene timapaka pankhope si zochindikala moti n'kutsekeratu zapansi pake. Kuwala kumadutsa, kukafika pakhungu n'kubwerera. Munthu akapaka laimu kamodzi kokha pakhoma lakuda ndi utsi, khomalo siliyera, limatuwa, ndipo zimene zimachitika m'munsi mwa diso n'zomwezo. N'chifukwa chake odziwa kuphoda sayamba ndi kuyeretsa. Amayamba ndi kupha kaye mtundu wa kudako ndi chodzola china chotchedwa korekita, ndipo konsila imabwera pambuyo.

Nzeru yake idachokera kwa ojambula ndi penti. Mitundu ikasanjidwa mozungulira, uliwonse umakhala ndi mnzake woyang'anizana nawo: buluu ndi olenji, pepo ndi chikasu, wobiriwira ndi wofiira. Iwiri yoyang'anizanayo ikasakanikirana imaphana mphamvu, n'kutsala mtundu wozilala woyandikira bulawuni, umene suvuta kuukwirira ndi mtundu wa khungu. Poti kuda kwa m'munsi mwa maso kumapendekera ku buluu, pepo kapena bulawuni wotuwira, mankhwala ake amapezeka m'banja la pinki, pichesi, olenji ndi wofiira.

Musanagule kanthu, dziwani kaye chimene chikudetsa malowo, chifukwa si kuda konse kumene kumamvera korekita. Imani pawindo masana muli ndi kalilole, nkhope isanapakidwe chilichonse, ndipo kokerani khungu la m'munsi mwa diso chammbali pang'onopang'ono. Ngati mtundu uli wabulawuni ndipo sukusintha, ndiye kuti pamenepo pachuluka melanini, chinthu chimene chimapatsa khungu mtundu wake. Izi zimachitika kwambiri kwa anthu akhungu lakuda ndi lodera, nthawi zambiri zimayenda m'banja, ndipo zimakula ngati munthu amatikitatikita maso chifukwa cha kuyabwa. Ngati mukuona buluu kapena pepo amene akuonekera kwambiri mukakoka, imeneyo ndi mitsempha ya magazi, pakuti khungu lozungulira maso ndi lopyapyala kuposa la malo ena onse a nkhope. Koma ngati kudako kukuzimiririka mukakoka khungu, kapena mukaweramutsa nkhope kuyang'ana kumene kukuchokera kuwala, ndiye kuti ndi mthunzi chabe wa kachigwa kamene kamayambira pakona ya diso pafupi ndi mphuno. Mthunzi suphedwa ndi mtundu. Mukaupaka olenji mudzangokhala ndi mthunzi wa olenji. Chimene chimathandiza ndi kakonsila kowalirapo pang'ono, koikidwa m'kachigwamo mokha.

Tsopano kusankha korekita. Pali mafunso awiri: kuda kwanu kukupendekera ku mtundu uti, ndipo khungu lanu ndi lakuda motani? Funso lachiwirili ndi limene ambiri amaliiwala. Korekita iyenera kukhala yakuya molingana ndi khungu. Ikayera kuposa khungu imatuwitsa ngati konsila ija, ikada kuposa khungu imaonekera ngati banga latsopano.

Pa khungu loyera, monga la azungu ambiri, kuda kumakhala kwa mitsempha, kwa buluu kapena pepo. Apa pamafunika pinki wofewa kapena pichesi wopepuka, ndipo ngati pepo ndiye wachuluka, korekita yopendekera ku chikasu imagwira bwino. Olenji weniweni pakhungu lotere amakuwa, ndipo kuti mumubise mufunika konsila yambiri imene imadzasweka m'makwinya.

Khungu lodera, lomwe kwathu timangoti munthu woyera, komanso la amwenye ambiri ndi aluya, ndi limene limavuta kulisankhira, poti kuda kwake kumasakaniza bulawuni ndi pepo. Pichesi wakuya kapena olenji wofewa, woyandikira mtundu wa m'kati mwa papaya wakupsa, ndiye poyambira. Ngati mwagula olenji wokuwa kwambiri musamutaye. Msakanizeni kuseri kwa dzanja ndi kadontho ka konsila yanu mpaka afewe.

Pa khungu lakuda, pichesi sathandiza, amangokhala pamwamba ngati choko. Pamafunika olenji wakuya, ndipo kwa amene khungu lawo ndi lakuda bii, wofiira wopendekera ku njerwa yootcha. Munthu akauona m'chubu koyamba amachita mantha, koma akaupaka mopyapyala pamalo akudawo, mtunduwo umalowa n'kusanduka bulawuni wofunda. Pamenepa pali chizindikiro chabwino chodziwira ngati mwasankha bwino: korekita yoyenera simaoneka ngati penti, imangochititsa malowo kufanana ndi tsaya ngakhale musanapake konsila.

Nkhani ya kufiirayi idatchuka kwambiri mu 2015, pamene Deepica Mutyala, mayi wa ku America wa makolo ochokera ku India, adaika pa YouTube kanema woonetsa akupaka lipisitiki yofiira m'munsi mwa maso asanapake konsila. Kanemayo adaonedwa ndi anthu mamiliyoni, ndipo pambuyo pake mayiyu adayambitsa kampani ya zophoda ya Live Tinted. Njirayo imagwiradi, koma ine sindiikonda pa zifukwa ziwiri. Lipisitiki imakhala ndi mafuta ambiri, choncho imatsetsereka ndi kusakanikirana ndi konsila mpaka pamatuluka pinki. Chinanso, utoto wina umene umaloledwa pamilomo suloledwa pafupi ndi maso, ndipo ukhoza kuyabwitsa. Korekita zenizeni sizisowa masiku ano, monga ya olenji ya L.A. Girl, ndipo chubu chimodzi chimakhala miyezi yambiri chifukwa mumagwiritsa ntchito pang'ono zedi.

Tiyerekeze mayi wakhungu lakuda ndithu, amene ali pa mzere wa operekeza mkwatibwi mu Okotobala, kukutentha, ndipo adzajambulidwa tsiku lonse. Kuda kwake ndi kwa bulawuni wotuwira, kwakuya kwambiri pakona yamkati ya diso, kumapepuka kukamafika pakati. Akasamba, apake mafuta opepuka ofewetsa khungu pang'ono chabe, n'kudikira mphindi ngati zisanu kuti alowe. Akafulumira, korekita idzayandama pamafutapo. Vaselini pano ayi.

Atenge korekita ya olenji wakuya yochuluka ngati kanjere kamodzi ka mpunga, ndipo imeneyo ikwanira maso onse awiri. Ayambe waiika kuseri kwa dzanja, aitenge ndi chala cha mphete, chimene sichikanikiza mwamphamvu, n'kudontheza timadontho tiwiri kapena titatu pamene pali pakuda kwambiri. Osapaka mozungulira diso lonse, komanso osatsikira patsaya pamene khungu lili bwinobwino, chifukwa olenji akagwera pakhungu losada alibe choti aphe, amangokhala olenji. Kenaka agundegunde pang'onopang'ono ndi chalacho, osakwecha, mpaka m'mphepete mwake musamaoneke. Panthawiyi malowo aoneke ofundirapo pang'ono, ndipo khungu lizionekerabe pansi.

Adikire pafupifupi mphindi imodzi kuti korekitayo igwire. Apa ndi pamene ambiri amaonongera ntchito yonse: amatenga konsila n'kuipaka mokoka, ndiye imakolopa korekita ija n'kusakanikirana nayo. Konsila ikhale yofanana ndi khungu lake, ndipo aiike mogundagunda ndi chala kapena kasiponji konyowa kofinyidwa bwino. Ngati akufuna kuwala kuja kumene atsikana amakukonda, awonjezere kadontho ka konsila yowalirapo ndi sitepe imodzi yokha pakona yamkati, pamwamba pa inayo. Akatero ayang'ane kumwamba, asalaze timizere timene tayamba kupangika, ndipo nthawi yomweyo apake paudala pang'ono ndi kabulashi kakang'ono. Kwa iye paudala wa chikasu chakuya kapena wofanana ndi khungu ndi wabwino kuposa woyera mbee, makamaka wokhala ndi silika wambiri, amene amabweza kuwala kwa kamera n'kusiya zigamba zoyera pachithunzi. Asanatuluke adzijambule ndi foni atayatsa fulashi, aone yekha.

Zikalakwika, kalilole amanena chimene chalakwika. Ngati malowo akutuwabe, korekita yachepa kuya kapena konsila yayera mopitirira. Ngati olenji akuonekera, korekita yachuluka kapena yafika pamene sipadali pakuda, ndipo kuwonjezera konsila si njira. Ndi bwino kufufuta n'kuyambiranso ndi theka la mlingo woyamba. Ngati pakutha pa maola awiri zonse zaunjikana m'makwinya, ndiye kuti zopakidwa zachindikala kapena mafuta apansi adachuluka. Ngati pakuoneka pouma ngati pakufunduka, paudala ndiye wachuluka. Thukuta likabwera masana, asawonjezere paudala pomwepo. Ayambe wagunditsa kapepala kofewa kuti kamwe mafutawo, asalaze ndi chala, ndipo paudala abwere pomaliza ngati akufunikabe.

Musayembekezere kuti kuda kuzimiririka konse. Nkhope ya munthu imakhala ndi kamthunzi pang'ono pansi pa maso, ndipo kakachotsedwa konse nkhopeyo imaoneka yafulati, yosakhala yake. Kutupa kwa m'munsi mwa maso nakonso sikubisika ndi mtundu, ndipo konsila yowala ikapakidwa pamwamba pa chotupacho imachikulitsa.

Pali chinthu china chimene chimakhudza ambiri kuno kwathu. Mafuta oyeretsa khungu amene amagulitsidwa m'misika akhoza kukulitsa vuto limeneli. Okhala ndi mankhwala a siteroyidi amapyapyalitsa khungu mpaka mitsempha kuonekera, ndipo okhala ndi haidirokwinoni, akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali, amatha kusiya mabanga akuda opendekera ku buluu pamasaya ndi pafupi ndi maso, amene amavuta kwambiri kuchiza. Korekita ya olenji ingawabise kwa tsiku limodzi, koma munthu wotere akufunika kuonana ndi dokotala wa khungu. N'chimodzimodzinso ngati kuda kwabwera mwadzidzidzi, kuli ku diso limodzi lokha, kapena kukubwera ndi kuyabwa ndi kutupa. Pakhungu limene likuyabwa kapena lasupuka musapakepo korekita kapena konsila mpaka litapola.