Disiki ya Seva Ikamadzaza, Werengani Masiku Otsala

Pulogalamu ya MySQL, imene imasunga deta m'maseva a mabungwe ambiri, ikapeza kuti disiki yadzaza kawirikawiri sizima ayi. Imangoima n'kumadikira, n'kumayang'ana mphindi iliyonse ngati malo apezeka. Kalaliki pakauntala amangoona risiti isakutuluka, n'kumauza anthu pamzere kuti netiweki yavuta.

Woyang'anira seva amaona malo otsala polemba lamulo ili:

```
df -h /var/lib/mysql
```

Nambala ya tsiku limodzi sithandiza kwenikweni. Tiyerekeze disiki ya magigabayiti 500. Lolemba lapitalo munali 380, lero muli 415. Ndiye kuti pa sabata awonjezeka 35, kapena kuti 5 pa tsiku, ndipo 85 otsalawo atha m'masiku 17. Ine ndimakonda chenjezo lowerenga masiku chonchi kusiyana ndi lodikira kuti disiki ifike 90 peresenti, chifukwa kugula disiki ina kumafuna kotesheni ndi siginecha ya abwana, zinthu zosatheka usiku umodzi.

Nanga chikudya malowo n'chiyani? Lamulo la `du -sh /var/lib/mysql/*` limaonetsa kukula kwa chilichonse chili mmenemo. Nthawi zina chotupacho si deta ayi, koma fayilo yomwe dzina lake limathera ndi `-slow.log`. Mmenemu MySQL imalembamo funso lililonse lomwe yachedwa kuyankha. Malire a kuchedwako ndi `long_query_time`, ndipo amakhala masekondi 10 ngati palibe wasintha. Vuto limayamba wina akayatsa `log_queries_not_using_indexes` pofufuza zinazake, n'kuiwala kuzimitsa. Zikatero, ngakhale mafunso achangu amalembedwa, bola akhale osagwiritsa ntchito indekisi, ndipo pa seva yotanganidwa fayiloyo imakula usana ndi usiku.

Musathamangire kuifufuta. Choyamba, MySQL ikadali yoitsegula, malo sabwerera ngakhale dzina la fayiloyo lasowa. Mudzadziwa poona kuti `du` ikuti malo alipo pomwe `df` ikuti mwadzaza. Malowo amamasuka mukalemba `FLUSH SLOW LOGS;` mkati mwa MySQL. Chachiwiri, ndipo ichi n'chimene chimandiwawa chikatayika, fayiloyo ndi umboni wa chimene chikulemetsa seva. Iwerengeni kaye:

```
mysqldumpslow -s t -t 10 /var/lib/mysql/*-slow.log
```

Lamuloli limasonkhanitsa mafunso ofanana n'kuonetsa 10 amene adya nthawi yochuluka. Kenako tsegulani fayilo yeniyeniyo, muyang'ane mizere yomwe funso lafufuza poyerekeza ndi yomwe labweza. Funso lofufuza mizere 2 miliyoni kuti libweze 20 lili ngati munthu wofuna dzina limodzi m'kaundula potsegula tsamba ndi tsamba. Kawirikawiri mankhwala ake ndi indekisi pa danga lomwe funsolo likusakira, ndipo likayamba kuthamanga silibwereranso m'fayilomo.

Mukatero zimitsani chija chinaiwalika, kenako uzani `logrotate` kuti izitsegula fayilo yatsopano sabata iliyonse, n'kumapanikiza zakale ndi kusunga zinayi zokha. Lolemba likudzalo lembaninso nambala ya `df` m'buku, muone ngati magigabayiti 5 a pa tsiku aja atsika.